Fungo la M'firiji ya a Bushra

A Bushra ndi alamu anga, achemwali awo a amuna anga a Amiri. Ine ndine Rahila. Timakhala mpanda umodzi kuno ku Nkhotakota, kumunsi kwa msika, njira yotsikira kudoko. Iwo ali m'nyumba yaikulu yakumaso, ife tili m'kanyumba ka kuseri. Popeza ndili ndi mwana wamng'ono sindiyendayenda, ndipo kuyankhula pagulu sindikutha, ndiye zambiri za pakhomo pawo ndimangoziona ndili pakhonde ndikuyamwitsa.

Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Akamaitana nkhuku zawo, za anthu ena zimabweranso. Sukulu sanapite nayo patali. Ali mtsikana ankagulitsa zitumbuwa padoko, ndipo n'kumeneko anakumana ndi a Fakiri, nthawi imeneyo akusenza madengu a nsomba za eni ake. Atamanga nika, ukwati wa Chisilamu, anayamba kuwamba nsomba limodzi. Mpaka lero m'manja mwa a Bushra muli zipsera za waya wa pauvuni, ndipo maso awo amachucha misozi kukakhala mphepo, chifukwa cha utsi wa zaka zimenezo. A Fakiri pano ndi munthu wodziwika, amatumiza nsomba ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Anthu akamawayamikira, a Bushra amangotambasula manja awo n'kuwayang'ana.

Mwana wawo woyamba, Sharifu, atayamba sekondale, a Fakiri anakwatira mkazi wachiwiri. Dzina lake Iness, wa ku Dwangwa, wamtali, woseka msanga. Asanakwatiwe ankagwira ntchito m'nyumba za akuluakulu a kumunda wa nzimbe. Anamumangira nyumba m'mbali mwa msewu, ndi kaokala pakhomo pake. A Fakiri amakhala sabata kuno, sabata uko. A Bushra sanakuwe, sanasamuke, anaphika nawo mpunga wa paukwatiwo. Koma nsanje yawo ili ngati moto wa mankhusu a mpunga: pamwamba phulusa, pansi ukuyaka. Dzina la Iness salitchula. Amati "uja wa ku Dwangwa."

Komanso sindinganene kuti amangopsa mtima popanda chifukwa. Wailesi inapita kwa a Iness "kukamvera mpira," sinabwerere. Njinga inapita "kukatengera katundu wa muokala," ili komweko. Ngakhale mbaula yabwino ija inapita tsiku limene kunali alendo.

"Njira ya kwa uja ili ngati ya kumanda," amatero a Bushra. "Wopita sabwera."

Chinthu chimodzi chimene sichinapite ndi firiji. A Fakiri anaigula kwa munthu wina amene ankasamuka. Ndi yoyera, ya zitseko ziwiri, chaching'ono pamwamba pamene pamaundana madzi, chachikulu pansi. A Bushra anaiika pabalaza, pamalo poti munthu akangosuzumira pakhomo aione. Pamwamba anayalapo kansalu koluka ndi maluwa a pulasitiki. Ankagulitsa madzi ozizira a m'timajumbo, mafirizesi a malambe ndi a bwemba, komanso chambiko chimene ankapanga okha ndi mkaka wogula kwa bambo wina wa ng'ombe. Mchere, sopo, nsapato za ana, zonse zinkachokera m'firijimo, osadikira thumba la a Fakiri. Ankaipukuta m'mawa uliwonse asanasese n'komwe.

Ndiye kunagwa maliro. Atsibweni awo anamwalira kumudzi kwa Malengachanzi, ndipo tonse tinanyamuka mothamanga chifukwa kwathu kuno maliro sagona. A Bushra anakhoma nyumba, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Titaika maliro, amuna anabwerera kuntchito zawo, koma a Bushra monga mkulu wa pabanja anayenera kutsala mpaka sadaka, ine n'kutsala nawo. A Iness, amene anabwera kudzathandiza kuphika, anawapeza pochapa mbale.

"Amayi aakulu, bwanji mundipatse kiyi? Ndizikasuzumira firiji ija. Mwina mayunitsi a magetsi atsala pang'ono."

"Mayunitsi alipo."

"Nanga zam'katimo? Kukutentha kuno."

"Zam'katimo zili ndi mwini wake."

A Fakiri nawo anapempha kiyiyo. Anawayankha kuti sabata ino si yawo ya kunyumba kuno, akatani m'nyumba yopanda mkazi? Ana anali kwa agogo awo, amuna anga anali panyanja. Nyumba inatsala yokha.

Titabwerako patatha sabata ndi masiku, fungo linatilonjera tili pageti. Pawindo la pabalaza panali ntchentche zobiriwira zija, zikumenya galasi cham'kati. A Bushra anathamangira pamita. Inali itazima, mayunitsi anatha kalekale. Atatsegula firiji ine ndinathawa ndi mwana mpaka kumpanda, koma ndinali nditaona kale. Chigubu cha chambiko chinafufuma ndi kutentha mpaka chitsekero chinaphulika, chambiko n'kuyenderera m'mashelefu monse mpaka pansi. Pamwamba paja anali atasungamo kampango wamkulu wa a Fakiri, ndipo anasungunuka, madzi ake ofiira n'kutsikira m'chipinda cha pansi. Mphika wa nyemba unamera ubweya. Mafirizesi anasanduka madzi a thovu.

A Bushra sanalire kumaliro monga analirira tsiku limenelo. Koma analira chamumtima, chitseko chotseka, kuti mbiri isakafike kumsewu.

Zowola zonse anakakwirira kuseri. Anapukuta m'katimo ndi nsanza ya sopo, fungo lili pompo. Ndiye anachita zimene timachita tonse chipinda chikamanunkha: anapala makala a moto pakaphale, n'kuthirapo ubani, n'kuika m'firijimo, n'kutseka. Atatsegula, utsi unatuluka ngati tsiku la Eid, ndipo pashelefu panatsala chizindikiro chakuda pamene pulasitiki inayamba kusungunuka. Sanakhutire. Anatenga mafuta onunkhira amene a Fakiri amadzola Lachisanu popita kumzikiti, n'kuwaza m'makona monse. Kenako anagula mayunitsi, anayatsa, n'kuikamo madzi ndi mafirizesi atsopano.

M'mawa mwake woyamba kugula anali Faruku wa kabaza, amene amaima pa ife tsiku lililonse akatopa. Analuma kajumbo, anamwa kamodzi, n'kulavulira m'maluwa.

"Amake Sharifu, madziwa mwawatani?"

"Ndawatani? Ndi madzi a pampopi."

"Ayi, awa ndi a pasadaka ya kampango. Nsomba yafa, ndipo mwaifukizira ubani kuti ipite bwino!"

"Choka apa, iwe! Pakamwa pako ndi pamene pakununkha."

"Ine ndichoka, koma mumuuze malemuyo kuti tinamumva."

Anakwera njinga akuseka, ndipo dzuwa lisanafike pamutu akabaza onse a pamsika anali ataimva. Ana a sukulu ankaluma firizesi n'kuitaya panjira. Tsiku lachiwiri sikunabwere munthu.

A Fakiri anali m'masiku omaliza a sabata yawo ya kuno. Atachokera kumzikiti masana anapempha madzi. Anangofikitsa kapu pamphuno n'kuibweza.

"Amake Sharifu, mafuta anga aja ndi amene ali m'madzimu?"

"Lichoka lokha fungolo."

"Silichoka. Pulasitiki ikamwa fungo siilavula yokha. Iness wazisamalapo zinthu zimenezi kwa mabwana ake. Tipeze ngolo, ipite kwa iye akaitsuke. Ikhale kaye muokala muja, n'kumsewu, kuli anthu ambiri ogula."

"Ikhale kaye."

"Eya."

"Ngati mmene wailesi ikukhalira kaye?"

A Fakiri anakanda ndevu. "Inu mumakonda kukumba zakale. Mwezi wa Ramazani wayandikira, anthu adzafuna madzi ozizira pofutulu, pomasula kusala madzulo. Firiji ingokhala chonchi ngati kabati?"

"Ndiitsuka ndekha."

"Mwaitsuka kale, ndipo fungo talimva."

"Ndati ndiitsuka."

"Chabwino. Mawa ndikupita kwa Iness. Ndikadzabwera sabata yamawa ndidzamwa madzi a m'menemo. Akadzanunkha, ngolo idzabwera tsiku lomwelo, ndipo sitidzakambirananso."

Atachoka, a Bushra anakhala pampando moyang'anizana ndi firijiyo nthawi yaitali. Kenako anandiitana.

"Rahila, mlamu wanga, tabwera. Iwe anthu sakukayikira, nkhope yako ndi ya chisoni. Upite kuokala kwa uja ukagule machesi. Pocheza ukanene kuti azakhali ako a ku Salima firiji yawo ikununkha, achite bwanji."

"Alamu, ine ku Salima ndilibe azakhali."

"Lero uli nawo."

Ndinabereka mwana n'kupita. A Iness anali akupanga timapaketi ta shuga. Ndinagula machesi, ndinafunsa za moyo, kenako ndinanena mawu aja ndikuyang'ana pansi.

"Azakhali ako a ku Salima," anatero a Iness pang'onopang'ono. "Nawonso anasungamo kampango?"

Ndinayamba kukonzakonza nsalu yoberekera mwana.

"Nawonso anafukiza ubani?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Khala pansi, Rahila, usagwe ndi mwana. Uwauze azakhali akowo kuti fungo saliphimba, amalichotsa. Ubani ndi mafuta zangowonjezera ntchito. Choyamba azule pulagi kukhoma, asamangozimitsa. Atulutse zonse zimene zimachoka, mashelefu, kabokosi ka pansi, timashelefu ta pachitseko. Azitsuke panja ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, aziyanike. M'katimo atsuke ndi soda."

"Soda wake uti?"

"Yemweyu wa therere. Masipuni awiri m'botolo lalikulu la madzi ofunda. Pamene chambiko chinaumira, apange kaphala ka soda apakepo, adikire pang'ono, kenako apukute. Asakwechese ndi waya wa mapoto kapena mchenga, akakanda pulasitiki fungo limakabisala m'mikwingwirimamo. Akatsukuluza ndi madzi oyera, apukutenso ndi viniga wothira madzi, kapena madzi a mandimu. Koma asayerekeze kusakaniza viniga ndi mankhwala oyeretsera zovala aja, mpweya wake ungawagwetse. Ukumva?"

"Ndikumva."

"Mphira wa pachitseko uja ali ndi makwinya. Awatambasule ndi chala, atsuke ndi kamswachi kakale. Mkaka umakonda m'menemo. Akatha asatseke. Ikhale chitsegulire mpaka iumiretu, ngakhale masiku awiri. Ndiye aikemo makala osayatsa, ophwanyaphwanya, pambale, ndi soda wouma pambale ina, ndi nyuzipepala zofinyafinya m'mashelefu. Atseke, ayatse. Nyuzipepala azisintha tsiku ndi tsiku. Basi."

"Basi?"

Anandiyang'ana, akumanga kapaketi ka shuga ndi mano. "Basi. Uwapatse moni a ku Salima."

Nditafotokoza kunyumba, funso loyamba la a Bushra silinali la soda.

"Anavala chiyani?"

"Diresi yobiriwira."

"Yatsopano?"

"Sindinaonetsetse, alamu."

"Iwe umaona chilichonse. Yatsopano?"

"Ikuoneka yatsopano."

Anafwenthera m'mphuno. "Ndipo anadziwa kuti ndine?"

Ndinati mwina. Anati mwina wa chiyani, mfiti ija imadziwa zonse. Kenako anazula pulagi.

Ntchito ya tsiku limenelo sindidzaiwala. Anatseka geti kuti odutsa asaone. Mashelefu tinawandandalika pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Kunsi kwa kabokosi ka pansi kunali chambiko chouma, chachikasu ngati phula, chimene nsanza yawo yoyamba ija sinafikeko. Atatambasula mphira wa pachitseko munali zakuda zonanda, ndi timphutsi takufa. A Bushra anamanga mpango kumphuno, n'kugwada, mutu wonse m'firiji, akukwecha ndi mswachi wakale wa Sharifu. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Soda wa therere! Ndiye nzeru zake zimenezi? Ine ndinayamba kuphika therere iye asanamere mano."

Koma anachita zonse monga ananenera, osadumpha ngakhale chimodzi. Viniga tinalibe, tinafinya mandimu a pakhomo pathu. Firiji inakhala chitsegulire, mawindo otsegula, mpaka m'kati munauma gwa. Tinasankha makala opepuka, ouma bwino, tinawaphwanya ndi mwala. Nyuzipepala tinakapempha kwa mayi wogulitsa chipisi. Anatseka, anayatsa.

Tsiku lotsatira anatsegula. M'katimo fungo linali litachepa kwambiri, moti ndinasangalala. Koma pabalazapo panali pakununkhabe. Silinali fungo la nthawi zonse. Limabwera, limapita. Ukalowa m'mawa sulimva, ukakhala pang'ono lakupeza, lofunda, la mkaka wowola wosakanikira ndi nsomba. Ndipo ukatsegula chitseko cha pansi n'kulowetsa mutu mpaka kukhoma la kumbuyo, unkalimvanso chapansipansi.

A Bushra anatsukanso. Anasintha makala. Anachapa makatani, anakolopa pansi, anatulutsa mipando padzuwa. Fungo osachoka. Masiku a a Fakiri kwa a Iness anali akutha.

"Wandinamiza," anatero. "Wakuuza theka, theka wasunga. Akufuna ngolo ibwere."

"Ndipitenso ndikafunse?"

"Upitenso? Kuti akaseke kachiwiri? Bola ndiigwetsere m'nyanja."

Masana amenewo sanaphike. Anakhala pansi pambali pa firiji, msana kukhoma, miyendo yotambasula, ngati munthu wodikirira wodwala kuchipatala. Ine ndinali pakhomo ndikusankha mpunga. Firiji inali chete. Patapita kanthawi inayamba kulira kuja imalira ikamazizira, ndipo posakhalitsa a Bushra anakweza mphuno.

"Rahila, walimva?"

"Ndalimva."

"Likumabwera ikayamba kulira." Analoza ndi chala. "Ndipo taona ntchentchezo. Sizikutera pachitseko. Zikulowa kuseri."

Zinalidi choncho. Zinkazungulira n'kukalowa pampata wa pakati pa firiji ndi khoma. Anazula pulagi, ndipo tinaikoka awiri pang'onopang'ono, osaipendeketsa. Chiigulire inali isanasunthidwepo. Kumbuyoko kunali fumbi ndi ukonde wa akangaude, ndipo pansi penipeni panali chinthu chakuda chozungulira ngati mphika wovundikira, chotentha ukachiyandikira. Imeneyo ndiyo injini yake. Pamwamba pa injiniyo panakhala kambale ka pulasitiki, ndipo kapaipi kochokera m'kati mwa firiji kankathera m'menemo.

Kambaleko kanali kodzaza. Chambiko ndi madzi a kampango zinatsikira m'menemo, zinauma m'mbali, pakati pali phala lotuwa, mphutsi zamoyo zikuyendamo. Injini ikatentha inkaziphika.

A Bushra sanathawe. Anayang'anitsitsa, manja m'chiuno.

"Ndiye ine ndikufukiza ubani kumaso, mwini fungo ali phee kuseri kuno akuotha moto."

Tinayang'ana m'kati kuti tione kumene kapaipiko kakuyambira. Pakhoma la kumbuyo, chapansi, panali kangalande ndi kabowo kakang'ono ngati ka mkanda, kotsekeka ndi zoyera. Tinali titakapukuta pamwamba osadziwa kuti ndi njira ya madzi. Kambale kaja kanali kongokoleka, a Bushra anakagwedeza pang'ono n'kukasolola, akusamala mawaya. Anakataya zonsezo kudzenje, anakaviika m'madzi ofunda a soda, anakakwecha mpaka kanaoneka mtundu wake. Atakabwezera pamalo, anatokosa kabowo kaja ndi kachingwe kofewa ka pulasitiki, n'kumathiramo madzi ofunda a soda pang'onopang'ono ndi sipuni. Ine ndinali kumbuyo ndikuyang'ana. Poyamba munatuluka zoyera zamabulumabulu, kenako zotuwa, kenako madzi oyera. Anasololanso kambaleko, anakatsuka kachiwiri, anakaumitsa padzuwa, n'kukabwezera. Pansi pamene panali firiji tinakolopapo ndi sopo.

Anaikamo makala atsopano ndi nyuzipepala zina, n'kuyatsa. Inalira. Tinakhala pansi tonse awiri tikununkhiza ngati agalu a alenje. Inalira mpaka inasiya. Kunalibe kanthu.

Tsiku lobwera a Fakiri, a Bushra anadzuka m'mamawa, anathira madzi m'kapu yagalasi n'kuiika pashelefu ya pakati yosavundikira.

"Bwanji osaika m'botolo lotseka?" ndinafunsa.

"Kuti anene kuti ndabera? Amwe a poyera."

A Fakiri anafika itatha swala, pemphero la masana, ndipo sanabwere okha. A Iness anali pambuyo pawo, atavala diresi yobiriwira ija, atanyamula nthochi m'jumbo.

"Odi, amayi aakulu. Ndati ndiwaperekeze, ndidzaonenso mmene mwabwerera kumaliro."

"Tinabwerako kalekale. Lowani, mipando ndi imeneyo."

A Iness anakhala, koma mphuno yawo inkayendayenda. A Fakiri anatsegula zitseko zonse ziwiri, analowetsa mutu, anaona makala pambale n'kuseka.

"Mwayamba kuziziritsa makala?"

"Imwani madzi, bambo ake Sharifu."

Anatenga kapu ija. Ananunkhiza. Anamwa pang'ono n'kusunga m'kamwa, maso ali kudenga. Ine mwana anayamba kulira ndipo ndinamutseka pakamwa ndi bere. Anameza, n'kumwanso, mpaka kapu inatha.

"Ubani ukumveka patali, ukaufunafuna. Koma nsomba yapita. Chambiko chapita." Anapereka kapu. "Thiraninso ena."

A Iness anadzuka, anayenda mozungulira firiji, n'kusuzumira kuseri.

"Kodi kambale ka kumbuyo kaja munakaona?"

"Tinakaona."

"Ndinaiwala kumuuza Rahila. Za azakhali ake aja."

"Munaiwala, eti? Musadandaule. Firijiyi ndi yanga, ndimaidziwa kumaso ndi kumbuyo komwe."

Anayang'anana, onse akumwetulira ndi mano okha. A Fakiri anayamba kusenda nthochi mofatsa kwambiri, ngati ntchito yofuna nzeru.

"Ndiye ngolo ija musavutike nayo," anatero a Bushra.

"Ayi, firiji ikhala pompano. Mwaigwirira ntchito." Anatafuna. "Koma nkhaniyi yandipatsa maganizo. A shehe amanena kawirikawiri kuti mwamuna wa akazi awiri asapendekere mbali imodzi. Kuno kuli firiji, uko kulibe. Ndimati iyi ikapita kuokala, inu ndidzakuonereni ina nsomba zikayenda bwino. Tsopano poti iyi yachira, inayo ipita kwa Iness."

Firiji inayamba kulira.

"Ina," anatero a Bushra. "Yogula kwa munthu?"

"Za kwa anthu zimavuta. Ya m'sitolo."

A Iness anaweramitsa mutu, akukonza mpango umene unali bwinobwino. A Bushra anatenga kapu ija, anapita nayo kukhitchini, ndipo tinamva akuitsuka nthawi yaitali kuposa mmene kapu imodzi imafunira.

Ramazani itayamba makasitomala anabwerera. Faruku ndiye anali woyamba, dzuwa litangolowa. Anamwa timajumbo tiwiri n'kunena kuti malemu uja tsopano wafika kwawo. A Bushra anamuponyera chikolopa, koma anamupatsa firizesi yaulere. Masiku ano chambiko amachiika m'zigubu zosadzaza, zotseka bwino, nsomba salola kuti igone m'menemo, ndipo mwezi ukatha amakoka firiji n'kusuzumira kuseri. Madzulo mzere wa ana umafika pageti.

Firiji ya a Iness inabwera mwezi womwewo uli pakati, pagalimoto ya matola, ili m'katoni. Msewu wake sudutsa kwathu, koma uthenga unafika galimoto isanazime. A Bushra anali akumanga mafirizesi. Anamanga atatu, anayi, kenako anaika pansi.

"Rahila."

"Alamu."

"Machesi atha m'nyumba muno."

"Alipo, alamu, ndinagula dzana."

"Atha. Bereka mwana. Ukaone ngati ndi yaitali kuposa iyi, ndipo ukaime pafupi nayo kuti udzandionetse pamene ikukulekeza."